Kutsitsa kiyi ya nyimbo yobwera pa sikirinishoti: zimene zimasokonekera ndi kakonzedwe kake

M'makwaya ambiri muno mu Zomba, kaya ku Chinamwali, ku Matawale, ku Sadzi kapena ku Domasi, nyimbo yatsopano masiku ano imafika pa gulu la WhatsApp ngati chithunzi. Wina wapeza mawu ndi makhodi ake pa intaneti, wajambula sikirinishoti n'kutumiza. Tsiku la pulakatisi a sopulano akuti nyimboyo yakwera kwambiri, wa kiyibodi akuti kiyi ya `Bb` sanaizolowere, ndiye onse agwirizana kuti itsitsidwe. Lamlungu likafika, penapake sipakugwirizana, ndipo aliyense akuyang'ana mnzake.

Zolakwika zake zimakhala zomwezomwezo chaka ndi chaka, ndipo zambiri zimachokera pa kusakaniza zinthu ziwiri. Pali kiyi yophweka ku zala za woimba chida, ndiye pali kiyi yophweka ku mmero wa oimba. Zala zili ndi pothawira: kiyibodi ili ndi batani la `TRANSPOSE`, gitala ili ndi kapo. Mmero ulibe batani lililonse. Choncho kiyi imasankhidwa poyang'ana noti yokwera kwambiri ndi yotsika kwambiri imene anthu anu angaimbe osavutika, zida n'kutsatira pambuyo.

## Nyimbo imene tigwiritse ntchito

Kuti tisamalankhule m'malere, titenge nyimbo imodzi yongoyerekeza. Pa chithunzi palembedwa `Key: Bb` ndipo makhodi ake ndi awa:

```
Vesi:    Bb   F/A   Gm   Eb   Bb/D   Cm7   F
Kolasi:  Eb   F     D7   Gm   Eb     F     Bb
```

Poimba mwa solofa, sopulano akuyambira pa so wam'munsi (`s,`) ndipo mu kolasi akufika pa la wapamwamba pa do (`l`). Mu kiyi ya `Bb` so ameneyo ndi `F4`, la ndi `G5`. Nambalazi zikungotiuza malo ake: `C4` ndi C wapakati, amene pa kiyibodi ya mabatani 61 ndi C wachitatu kuchokera kumanzere. Makiyibodi a Yamaha amamulemba `C3` C yemweyu, choncho musadabwe foni ndi kiyibodi zikasiyana nambala.

`G5` ndi patali kwa kwaya ya kumpingo. A sopulano ambiri osaphunzira kusukulu ya nyimbo amamasuka kuyambira `C4` kulekeza `D5` kapena `E5`. Tikatsitsa nyimboyi kufika ku `G`, mawu aziyenda kuchokera `D4` kufika `E5`. Tikaitsitsa kufika ku `F`, aziyenda kuchokera `C4` kufika `D5`. Tiyambe ndi `G`.

Kuchoka ku `Bb` kupita ku `G` ndi masitepe 3 kutsika. Sitepe imodzi ndi kuchoka pa batani lina kupita pa loyandikana nalo, likhale loyera kapena lakuda. Khodi iliyonse itsike masitepe atatu omwewo:

```
Bb -> G     Eb  -> C      F    -> D
Gm -> Em    Cm7 -> Am7    D7   -> B7
F/A -> D/F#               Bb/D -> G/B
```

Chilembo chokha n'chimene chimasintha. Zotsatira chilembocho, monga `m`, `7`, `sus4`, `maj7` kapena `dim`, zimasamuka momwe zilili. Lembani zonsezi pa pepala ndi cholembera musanakhudze kiyibodi. Kusintha makhodi m'mutu uku mukuyang'ana chithunzi chakale n'kumene kumabala theka la mavuto ali m'munsimu.

## Chizindikiro choyamba: nyimbo ikuyenda bwino, koma pamalo amodzi kiyibodi ikulimbana ndi kwaya

Ili ndiye vuto lofala kuposa onse. Mukafika pa liwu linalake nkhope za a besi zikukwinyika, kenako zonse n'kubwerera m'malo. Kiyi mwaitsitsa bwino, koma khodi imodzi kapena ziwiri n'zolakwika. Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

Mwawerenga zilembo m'malo mwa mabatani. Munthu amaona kuti kuchoka pa B kufika pa G ndi kubwerera zilembo ziwiri, ndiye amabwerera zilembo ziwiri paliponse. Njirayi imapusitsa chifukwa pa makhodi ambiri imapereka yankho lolondola: F apita ku D, E apita ku C. Koma ikafika pa `F/A` imabala `D/F`, pomwe yoyenera ndi `D/F#`. Khodi ya `D` ili kale ndi `F#` mkati mwake, ndiye dzanja lamanzere likagunda `F` wamba, manoti awiri oyandikana akumveka pamodzi, ndipo n'zimene zikukwinyitsa anthu nkhope. Ikani chala pa `A`, mutsike mukuwerenga mokweza: `Ab` wani, `G` thuu, `F#` firii. Kumbukiraninso kuti pakati pa `E` ndi `F`, ndi pakati pa `B` ndi `C`, palibe batani lakuda. Malo awiriwa ndiye popunthwira anthu.

Mwasintha theka la khodi yokhala ndi kamzere. Pa `Bb/D`, chilembo chakumanzere ndi khodi, chakumanja ndi noti ya besi. Zonse ziwiri zitsike. Ambiri amalemba `G/D`, kuiwala kutsitsa yakumanja. Cholakwika ichi sichimveka msanga, chifukwa `D` ndi noti ya mu khodi ya `G`, koma besi imene imayenera kutsetsereka kuchokera pa `C` kupita pa `B` ndi `A` ikungodumphadumpha, ndipo a besi amene amatsatira dzanja lamanzere la wa kiyibodi asochera.

Kachilembo katayika pa chithunzi. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza, ndipo chikadutsa m'mafoni atatu anayi tizilembo ting'onoting'ono timafufutika. `Bb` amaoneka ngati `B`, `Cm7` ngati `C7`, ndipo kachizindikiro ka `#` kamangokhala kadontho. Mapulogalamu okopera mawu kuchokera pa chithunzi nawonso amalakwitsa pomwepa, mpaka kulemba `8b` kapena `Bo`. Njira yodziwira ndi kufunsa ngati khodiyo ndi ya m'banja la kiyiyo. Mu `Bb`, khodi ya `B` kapena ya `E` wamba ndi mlendo wokayikitsa kwambiri, ndipo kawirikawiri imakhala `Bb` kapena `Eb` imene fulati wake wafufutika. Pemphani amene anajambula kuti atumizenso chithunzicho posankha `Document`, chifukwa chotero chimafika osachepetsedwa.

Khodi ndi yolondola koma yagwera pa liwu lina. Pa tsamba loyambirira makhodi amakhala pamwamba penipeni pa silabulo imene akusinthira. Munthu akakopera n'kulemba pa foni, mipata imasintha, khodi n'kusendera kumanja kapena kumanzere. Mzere wautali ukapindika pa sikirini yaing'ono, khodi yomaliza imatha kugwera pa mzere wotsatira. Polemba pepala lanu latsopano, ikani khodi m'kati mwa mawu momwemo:

```
Ta[G]bwera kwa [D/F#]Inu ndi mi[Em]tima [C]yathu
```

Pamenepo palibenso chosendera, pepalalo lidutse m'mafoni angati.

Wolemba woyambayo analakwitsa. Makhodi ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu wamba pomvetsera, ndipo salondola nthawi zonse. Ngati mwafufuza zonse zapamwambazi koma pakulimbanabe, imitsani kwaya pa liwu lovutalo, aliyense agwire noti yake. Pezani manotiwo pa kiyibodi imodzi imodzi. Mwachitsanzo, pomwe pepala likuti `B7`, a alito akhoza kukhala kuti akuimba `D` pomwe khodiyo ili ndi `D#`. Apo musankhe chimodzi: kaya alito akweze noti yawo, mwa solofa aziimba `se` m'malo mwa `s`, kaya wa kiyibodi aziimba `Bm`. Kwaya ikaizolowera kale nyimboyo, ine ndimasintha kiyibodi, chifukwa n'kosavuta kuuza munthu mmodzi kusiyana ndi khumi.

## Chizindikiro chachiwiri: chilichonse chikulimbana kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto

Apa si khodi imodzi ayi. Zida ziwiri, kapena chida ndi kwaya, zili m'makiyi osiyana.

Nyimbo yatsitsidwa kawiri. Akwayamasitala alemba pepala latsopano mu `G`, wa kiyibodi nayenso, atamva kuti nyimbo itsike ndi masitepe atatu, waika `TRANSPOSE` pa `-3` n'kumawerenga pepala latsopanolo. Zotuluka ndi kiyi ya `E`, pomwe wa gitala ali mu `G`. Kumbukirani kuti mumatsitsa pa pepala kapena pa batani, osati ponse pawiri.

- Mukuwerenga pepala lakale la `Bb`: ikani `-3`.
- Mukuwerenga pepala latsopano la `G`: ikani `0`.
- Zala zanu zimangodziwa `C` ndipo mwalemba makhodi mu `C`: ikani `-5` kapena `+7`. Onsewa akupereka `G`, kusiyana kwake n'kwakuti wina akumveka m'munsi wina m'mwamba.

Yang'anani pa sikirini ya kiyibodi nyimbo isanayambe, makamaka ngati kwaya ya achinyamata kapena ya amayi yangoigwiritsa kumene ntchito. Dziwaninso kuti makiyibodi ambiri amabwezera `TRANSPOSE` pa `0` akazima. Magetsi akathima pakati pa mapemphero n'kuyatsa jenereta, wa kiyibodi amene amadalira batani amayambiranso mu kiyi ina osadziwa. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene ndimalimbikitsira kuti pepala lilembedwe mu kiyi yeniyeni, ndipo mnyamata wa kiyibodi aphunzire `G`, `F` ndi `D` ndi zala zake, batani likhale lothandizira pa ngozi.

Mzere wa kapo unadulidwa pojambula. Ili ndi vuto la masikirinishoti makamaka. Pamwamba pa tsamba pamakhala `Key` ndi `Capo`, koma wojambula amatsitsa tsambalo kuti mawu onse akwane, mutu n'kutsala kunja. Tiyerekeze kuti chithunzi china cha nyimbo yathu yomweyi chafika pa gulu chili ndi makhodi `G`, `C`, `D`, `Em`, ndipo pamwamba, pamene panadulidwa, panali `Capo 3`. Woimba gitala amagwira makhodi a `G` koma chomveka ndi `Bb`, chifukwa kapo yakweza masitepe atatu. Tsono wina akamva a sopulano akudandaula ndi nyimbo ya pa foni, amatenga `G` ameneyu n'kumutsitsanso ndi atatu, kufika ku `E`. Zinali zosafunika. Kungochotsa kapo n'kuimba makhodiwo momwe alili, nyimbo yatsika kale kufika ku `G` amene timafuna.

Pofuna kudziwa ngati pali kapo yobisika, lizani nyimboyo pa foni ndipo pa khodi yomaliza mufufuze pa kiyibodi noti imene ikukhazikika nayo. Ikasiyana ndi ya pa chithunzi, kusiyanako ndiye nambala ya kapo, kapena wojambulayo anali atadina kale `+1` kapena `-1` pa tsambalo.

Wa gitala akufuna kutsitsa ndi kapo. Kapo imangokweza, siitsitsa. Kuti gitala imveke mu `F`, agwire makhodi a `D` kapo ili pa 3, kapena a `C` kapo ili pa 5. Mu `G` safunika kapo n'komwe. Akaika kapo achunenso zingwe, chifukwa kapo yothina imakokera mawu m'mwamba pang'ono.

Pali woimba lipenga. Pa ukwati kapena pa chikondwerero mukaitana wa thirampeti, musamupatse pepala la kiyibodi. Thirampeti wamba ikaimba noti yolembedwa `C`, chomveka ndi `Bb`, kutanthauza kuti imamveka masitepe awiri m'munsi mwa zolembedwa. Kwaya ikakhala mu `G`, iye mulembereni mu `A`. Amene amaimba pomvetsera adzipezera yekha, ingomuuzani kuti `G` wake ndi wa pa kiyibodi.

Kiyibodi yasunthidwa pang'ono. Ngati kusiyana kwake n'kochepera sitepe, ngati kuti chida china chikutsalira pang'ono chabe, yang'anani `TUNING`, pakhale `440.0`. Onaninso kagudumu ka `PITCH BEND` ngati kakubwerera pakati. Mabatire akatha mphamvu musawanamizire: kiyibodi ya masiku ano imalira mosasa kapena kuzima kumene, koma kiyi siitsika.

## Chizindikiro chachitatu: a sopulano apuma, koma a alito ndi a besi sakumvekanso

Pano ndiye pofunika kudekha, chifukwa palibe cholakwika pa pepala. Mwangotsitsa kwambiri. Nyimbo ili ngati bulangete lalifupi usiku wa mu Julayi: ukalikokera kumutu, mapazi atsala pamtunda. Sitepe iliyonse imene mwachotsera a sopulano mwaichotseranso a besi, amene anali kale pansi.

Tibwerere ku nyimbo yathu. Mu `G`, do wa a besi ndi `G2`, noti imene abambo ambiri a besi amaigwira bwino. Mu `F`, do wawo ndi `F2`, ndipo pamenepo ambiri amangong'ung'udza, mawu osafika ngakhale pa benchi lachitatu. A alito nawo, ngati mzere wawo ukutsikira pa mi wam'munsi, mu `G` ali pa `B3`, mu `F` ali pa `A3`. Zikadali zotheka, koma amayi ena amene anaikidwa ku alito chifukwa chongosowa anthu ayamba kunong'ona. Mukapitirira kufika ku `E` kapena `D`, ngakhale a sopulano omwe poyambira paja, pa so wam'munsi, sawamva aliyense.

Fufuzani motere:

1. Simunayeze noti yotsika. Anthu amayesa kolasi yokha, pamene pali phokoso. Yesaninso vesi. Uzani a besi aimbe okha mzere wawo wotsikitsitsa, inu mutaima kumbuyo kwa tchalitchi, opanda maikolofoni. Ngati simukumva mawu ake, kwezani sitepe imodzi kapena ziwiri.
2. Mwatsitsa chifukwa cha noti imodzi. Funsani kuti la uja akukhalitsa bwanji. Ngati amangomukhudza n'kutsika, `E5` si vuto, khalani mu `G`. Ngati akumugwira kwa mabiti anayi, pa mawu otseka pakamwa ngati "i" kapena "u", ndiye `F` ayenera kuganiziridwa.
3. Mwayeza pa nthawi yolakwika. Madzulo a Lachinayi, anthu ataimba kale ola lathunthu, mawu amakhala atamasuka. Mapemphero a 6 koloko m'mawa mwezi wa Juni, mphepo yozizira ikutsika m'phiri, ndi nkhani ina: manoti apamwamba amavuta. Yesani kiyi kumayambiriro kwa pulakatisi, mutangotenthetsa mawu pang'ono, chifukwa ndi mmene anthu adzakhalire Lamlungu. Si zachilendo nyimbo imodzi kukhala ndi mapepala awiri, la `F` la m'mawa ndi la `G` la masana.
4. Besi ikutsatira kiyibodi mpaka pansi. Mu `G`, so wam'munsi kwa a besi ndi `D2`, kumene pafupifupi palibe amene amafikako. Aimbe `D3`, so yemweyo koma wapamwamba. Khodi siisintha, ndipo nthawi zambiri izi zokha zimathetsa vuto popanda kukhudza kiyi.

Pali chinanso chimene akwayamasitala ena sakonda kumva. Nthawi zina kiyi ili bwinobwino, koma mwa amayi asanu ndi atatu a sopulano, atatu ndi a alito amene anakhala kutsogolo kuyambira kalekale. Kutsitsa nyimbo iliyonse chifukwa cha iwo kumapha a besi. Nkhaniyi imafuna ulemu, ndipo siyoyankhulira pagulu. Kumbali mungathe kunena kuti, "Amayi, mawu anu ali ndi mphamvu m'munsimu, tatithandizaniko ku alito pa nyimbo iyi yokha." Ambiri akayesa amapeza kuti akuimba momasuka.

## Chizindikiro chachinayi: zonse zili bwino mpaka kolasi yomaliza

Nyimbo zambiri zojambulidwa zimakwera kiyi kumapeto, ndi sitepe imodzi kapena ziwiri. Gawo limeneli limakhala pansi penipeni pa tsamba, ndiye kawirikawiri lili pa sikirinishoti yachiwiri imene ena sanaitsegule, kapena silinajambulidwe n'komwe.

Muona chizindikiro chake pa makhodi. Mu nyimbo yathu ya `Bb`, ngati kumapeto kwatulukira `C`, `F`, `G` ndi `Am`, do wasamukira ku `C`, masitepe awiri m'mwamba. Mukatsitsa ndi atatu, gawoli likhala `A`, `D`, `E` ndi `F#m`. Chenjerani ndi `G` wa pamenepa: dzanja lazolowera kulemba `Em` paliponse pamene paoneka `Gm`, ndiye limalembanso `Em`, pomwe yoyenera ndi `E` wopanda `m`.

Vuto lalikulu n'lakuti munayeza kiyi ndi kolasi yoyamba. Mu `A`, la uja wafika pa `F#5`, sitepe imodzi yokha pansi pa `G5` amene timathawa poyamba paja, ndipo wafika pa nthawi imene anthu atopa. Njira zilipo ziwiri. Yambirani mu `F` kuti mukathere mu `G`, ndipo makhodi oyambira akhala `F`, `C/E`, `Dm`, `Bb`, `F/A`, `Gm7`, `C`, ndi `A7` mu kolasi. Kapena musiye kukwerako, muimbe kolasi yomaliza mu `G` momwemo, mwamphamvu pang'ono. Kwa kwaya imene a besi ake ndi ochepa, njira yachiwiriyi ndi yabwino, ndipo mumpingo palibe amene adzafunse kuti kukwera kuja kwapita kuti.

## Chizindikiro chachisanu: kiyibodi yayamba mu kiyi yatsopano, kwaya yalowa mu ina

Woyambitsa nyimbo ali ndi kiyi yakale m'khutu. Wakhala sabata yonse akumvetsera nyimboyo pa foni mu `Bb`, ndiye pakamwa pakutuluka yomweyo. Mukangogwirizana kiyi, jambulani pa foni kiyibodi ndi mawu a gulu lililonse mu kiyi yatsopano, mutumize pa gulu, ndipo muwapemphe kuti aleke kuphunzirira pa nyimbo yoyambirira ija.

Mwawapatsa do pomwe nyimbo siyambira pa do. Nyimbo yathu ikuyambira pa so wam'munsi. Wa kiyibodi akagunda `G` yekha, ena amayambira pa `G` pomwepo ngati so, nyimbo yonse n'kukwera ndi masitepe asanu. Lizani khodi yonse ya `G`, kenako mupatse gulu lililonse noti yake yoyambira: sopulano `D`, ndi ena motsatana.

Do mwamuika polakwika. Ubwino wa solofa, imene makwaya athu anaphunzira kuchokera ku mishoni kalekale, ndi wakuti siisintha kiyi ikasintha. `d r m f s l t` amakhala momwemo, chimene mumafufuta ndi mzere wa pamwamba wokha, `Doh is Bb` kukhala `Doh is G`. Koma muyenera kudziwa do weniweni. Khodi yoyamba pa chithunzi si umboni. Nyimbo ikhoza kuyambira pa `Gm` kapena `Eb` ili mu `Bb`. Yang'anani khodi imene nyimbo ikuthera, komanso makhodi atatu opanda `m` amene akubwerezedwa kwambiri: amenewo amakhala a do, fa ndi so. Mukaona `Bb`, `Eb` ndi `F`, do ndi `Bb`. Ngati nyimbo ikuthera ndi kukhazikika pa `Gm`, ndiye kuti kwawo ndi pa la, koma do akadali `Bb`, ndipo mukatsitsa ndi atatu mupeza `Em` ndi do wa `G`.

Wa kiyibodi amene amadziwa solofa angachite bwino kulemba makhodi ndi manambala, do akhale `1`, fa `4`, so `5`, la `6m`. Vesi yathu ikhala `1 5/7 6m 4 1/3 2m7 5`. Pepala lotere limagwira ntchito mu kiyi iliyonse, ndipo tsiku limene akwayamasitala anganene kuti lero tiimbe mu `F` palibe cholembanso.

Kwaya imayamba bwino koma ikutsetsereka pang'onopang'ono. Pofika vesi yachitatu ali pansi pa kiyibodi. Kutsitsanso kiyi sikuthandiza, adzatsetserekanso. Kawirikawiri amakhala kuti sakuimva kiyibodi chifukwa sipika yayang'ana kwa mpingo, kapena nyimbo ikuyenda pang'onopang'ono kwambiri moti mpweya ukuwathera mzere usanathe. Tembenuzirani sipika imodzi kwa oimba, fulumizitsani pang'ono, ndipo mugwirizane malo opumira.

## Pamene muyenera kusiya n'kufuna wodziwa

- Mawu a nyimbo ndi otambalala kwambiri. Ngati kuchokera pa noti yotsikitsitsa ya sopulano kufika pa yokwereretsa pali masitepe opitirira 17 kapena 18, palibe kiyi imene ingakomere onse. Nyimbo yotere inalembedwera woimba mmodzi waluso. Ikufunika munthu wodziwa kukonza mawu anayi kuti agawe mizere ina kwa atena kapena alito. Aphunzitsi a nyimbo ndi akwayamasitala akuluakulu a m'mipingo ya m'tauni muno amatha kuthandiza.
- Makhodi ambiri simukuwadziwa. `dim`, `aug`, `m7b5` ndi `13` amasamuka ngati ena onse, koma ngati simukudziwa manoti ake musawasandutse makhodi wamba mwa kungoganiza. Kuchotsa `7` pa `Am7` sikuwononga kanthu. Kuchotsa `dim` kumasintha khodi yonse.
- Woimba akumva kuwawa pammero. Aleke kuimba tsiku lomwelo. Mawu akakhala osasa kupitirira masabata awiri kapena atatu, kapena akumva kuwawa pomeza, apite kuchipatala. Ndimu ndi uchi sizilowa m'malo mwa dokotala woona zapakhosi.
- Kiyibodi ikusintha kiyi yokha. Ngati `TRANSPOSE` ali pa `0`, `TUNING` pa `440.0`, koma mawu akugwedezekabe, mwina kagudumu kaja kawonongeka m'kati. Musaitsegule ndi sikuludiraiva ya kunyumba, ndipo musayese adaputala ya chida china imene mphamvu yake simukuidziwa. Itengereni kwa wokonza zida zamagetsi.
- Mukufuna kujambula nyimboyo ku situdiyo kapena kuigulitsa. Kusintha kiyi sikuisandutsa yanu. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mwini nyimbo, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limaona za chilolezo ndi malipiro ake. Funsani kumeneko musanalipire situdiyo.